Chipanda cha masese, Mosi ndi pombe: mphamvu ili pati, ngozi ili pati?

Munthu amene wamwapo ku Mchinji, ku Chipata ndi ku Tete amadziwa kuti mowa wa m'botolo suvuta kuwerengera. Green ya kwathu kuno ndi 4.7 peresenti, Mosi ya ku Zambia ndi 4, 2M ya ku Mozambique ndi 4.5. Zonse zili pafupifupi, ndipo zinalembedwa pa botolo pomwepo. Nkhani imakula tikafika pa mowa wa mu mbiya, poti chipanda sichilembedwa kanthu.

Ambiri amati masese ndi phala chabe. Pa mkamwa umodzi sakunama, chifukwa masese okhwima bwino amasewera cha pa 3 mpaka 5 peresenti. Koma kuledzera kumachokera pa zinthu ziwiri: mphamvu ya mowawo ndi kuchuluka kwa umene walowa m'mimba. Kuwerengera kwake n'kosavuta:

```
ml × % ÷ 100
```

Green imodzi ya mamililita 330 ikupereka mamililita 15.5 a mowa weniweni. Tsono titenge chipanda cha malita awiri, masese ake tiwayike pa 4 peresenti: akutuluka mamililita 80. Ndiye kuti bambo amene wamaliza chipanda chimenecho yekha wamwa ma Green asanu ndi kadontho pamwamba, ngakhale iye akulumbira kuti wangolawa. Akagawana anthu anayi mofanana, aliyense wapitirira pang'ono botolo limodzi. Kachasu wa 40 peresenti amafika pa 80 yemweyo ndi kapu imodzi ya mamililita 200, ndipo mutu, uja woyamba kudontha, umaposa pamenepo.

Nanga 4 peresentiyo tiidziwa bwanji? Apa anzathu a ku Zambia amandisangalatsa. Mowa wawo wina amangoutcha "seveni deyizi", dzina lonena masiku ofulula, choncho womwa amadziwiratu kuti wapsa. Kwathu timafunsa mayi wofulula kuti, "Mayi, mwasefa liti?" Funso limeneli ndi lofunika, chifukwa mowa wa chimera umapitiriza kuwira. Wotsekemera, wochita thovu lambiri, shuga wake sanathe ndipo mphamvu ikadali pansi. Wa mawa lake, wowawasa ndi woluma pa lilime, wakwera. Chibuku cha m'paketi, chomwe chimamwedwa mbali zonse ziwiri za malire a Mwami, chimachitanso chimodzimodzi. Wofulula akathiramo shuga wa m'sitolo, onjezerani chiwerengero chanu. Kachipangizo koyandama kamene amayezera mowa woyera kamasokonezeka m'masese chifukwa cha kukhuthala kwa ufa, ndiye bwino kungowerengera mokweza.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ukhondo, ndipo phunziro lowawa linachokera ku Mozambique. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'chigawo cha Tete, anthu 75 anamwalira atamwa pombe, mowa wa mu mbiya wa kumeneko, pa maliro, ndipo mayi amene anafulula anali m'gulu la omwalirawo. Poyamba mphekesera inali ya ndulu ya ng'ona, nkhani imene ifenso timaithamangira. Atayeza, anapeza kuti ufa wa chimanga unali utanyowa n'kuwonongeka, ndipo munamera tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, totulutsa poizoni woopsa. Poizoniyo sanunkha, samveka m'kamwa, ndipo kuwiritsa sikumupha. Mwambo wathu uja woti wofulula ayambe walawa pamaso pa anthu sukanathandiza, popeza zizindikiro zimabwera patapita maola.

Izi zikutikhudza ife mwachindunji. Ndi kangati timamva kuti, "Chimanga ichi chavunda, nsima sichingatheke, chipite ku mowa"? Ku Malawi ndi ku Zambia komwe chizolowezi chimenechi chilipo. Chimanga cha chuku chimatha kukhala ndi aflatokisini, poizoni amene amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndipo naye sathawa moto.

Madzi nawo ndi khomo lina. Phala limawira bwinobwino, kenaka wina n'kusungunula mowa ndi madzi a pachitsime chosatetezedwa kuti uchuluke. Kuwawasa kwa mowa kumachepetsa tizilombo tina, koma 4 peresenti ndi yochepa kwambiri, singayeretse madzi akuda. Onjezerani chipanda chozungulira pakamwa pa anthu khumi, ndi beseni limodzi lotsukira makapu kuyambira m'mawa. Mowa wa m'botolo umasefedwa, kutenthetsedwa ndi kutsekedwa ku fakitale, ndiye mbali imeneyi umapambana.

Maboma anathamangira mowa wa m'timapepala: Zambia inaletsa tujilijili mu 2012, Malawi n'kutsatira pambuyo pake. Anachita bwino, koma mbiya ya kuseri kwa nyumba palibe amaiyendera. Ine ndikafika pa mowa, ndisanafunse mtengo ndimafunsa za ufa ndi madzi, ndipo ndimasuzumira ngati mbiya ili yovundikira. Ngati anthu angapo amene anamwera pamodzi ayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka, onse amene analawa athamangire kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo mowa wotsalawo usatayidwe, upite nawo kuti akauyeze.