Foda ya WhatsApp sinasowe, inangosamuka

Abale a pa Salima pano, nkhani yoti "foni yanga yadya foda ya WhatsApp" yatopetsa. Munthu mpaka kukwera kabaza wa ku Kamuzu Road kuti akamufulashire foni, ndalama kupita, zithunzi za ukwati kupita, chonsecho fodayo ili momwemo.

Kale ukatsegula fayilo maneja WhatsApp inkaoneka poyera, pafupi ndi `DCIM` ndi `Download`. Koma Android 11 itatuluka mu 2020, Google inakhwimitsa malamulo kuti apu isamangoponya katundu wake paliponse, ndiye WhatsApp inasamukira uku:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media
```

Lowani mmenemo, zithunzi, mavidiyo, mavoisi, zonse zilipo. Chomwe simuchiona ndi masitetasi, ndipo apa mpomwe anthu amathamangira kudawuniloda timaapu tosevera sitetasi todzadza ndi zotsatsa, bandulo kumangotha. Zachabe zimenezo. Foda yake dzina lake ndi `.Statuses`, ndipo pa Android chilichonse choyamba ndi kadontho fayilo maneja amachidumpha dala. Pitani mu masetingi a fayilo manejayo, yatsani `Show hidden files`, bwererani mu `Media` muja muipeza. Kungoti sitetasiyo muyambe mwaionera kaye mpaka kumapeto, kenako ikopereni ku `Download` msanga poti pakatha maola 24 imafufutika yokha.

Tsono `Android/data`, foda yomwe maapu amasungamo mafayilo awo, ndi nkhani ina. Imeneyo sinabisidwe ndi kadontho ayi, ndi yokhoma. Mukayatsa batani lija palibe chisintha, mafoni ambiri atsopano amangokuonetsani kuti mulibe kanthu kapena kukukanizani kulowa, pomwe muli zinthu. Ndiye palinso `/data/data`, komwe apu iliyonse imasunga za chinsinsi ngati mameseji ndi zolowera mu akaunti, kumeneko popanda kuruta foni, kutanthauza kutsegula maloko a sisitimu yake, simufikako olo pang'ono.

Ine kukhomaku ndikugwirizana nako, ngakhale amagemu akudandaula kuti kuika mafayilo mu `Android/obb` kwavuta. Kale kaapu ka tochi ukangokaloleza kuona mafayilo, kamatha kusuzumira mu `Android/data` ya maapu ena onse. Zimenezo mukuzisowa?

Komano chondinyansa ndi ichi, foni ikalira kuti sipesi yatha munthu amafufuta foda yonse ya `Android` ati sakuidziwa. Mwatayatu zithunzi zonse za pa WhatsApp pamenepo! Ngati mukufuna malo, bwererani mu `Media` muja, lowani mu `WhatsApp Video` kenako `Sent`. Mmenemo muli makope a mavidiyo omwe munatumizira anthu, za kwaya, za kunyanja ku Senga Bay, zonse. Mu galare simuwaona chifukwa muli kafayilo kopanda kanthu kotchedwa `.nomedia`, kamene kamauza galare kuti asaonetse za mufoda imeneyo. Fufutani mavidiyowo, kungoti dziwani kuti mu macheza aja sadzaseweranso, ndiye ofunika muyambe mwawakopera pena. Ka `.nomedia` ko kasiyeni, mukakachotsa zonse za mu `Sent` zikhuthukira mu galare.