Musathamangire kukulitsa zilembo za mawu a pa kanema, yambani ndi chakumbuyo kwake

Bambo anga anayamba kusamva bwino pang'onopang'ono, moti kwa nthawi yaitali tinkangoti amakonda phokoso. Tikakhala pa kanema amakweza voliyumu mpaka mazenera kunjenjemera, koma n'kumafunsabe kuti, "Wati chiyani ameneyu?" Kenako ndinamvetsa chifukwa chake. Makutu akamakalamba, choyamba kutayika ndi mawu opyapyala, monga s, f ndi t. Munthu amamva kuti wina akulankhula, koma mawuwo amaphatikizana ngati akulankhulira m'chipinda china. Kukweza voliyumu kumangokuza phokosolo, sikubweza zomwe zasowazo. Chomwe chinawathandiza ndi mawu olembedwa pansi pa kanema aja. Koma tsiku loyamba ndinawaikira molakwika, ndipo ndikuona kuti ambiri timalakwitsa pamalo omwewo.

Tinkaonera YouTube pa laputopu yolumikizidwa ku wailesi yakanema, iwo atakhala pampando wawo, pafupifupi mamita 3 kuchokera pa sikirini. Kuyatsa mawuwo sikovuta. Pansi pa kanema pali kabatani kolembedwa CC, kapena mungodina chilembo c pa kiyibodi. Kuti musinthe maonekedwe, dinani kachizindikiro konga giya, musankhe Subtitles/CC, kenako Options. Mmenemo muli Font size, Font color, Background color, Background opacity ndi zina.

Ine ndinathamangira Font size n'kuika 300%. Mtundu ndinasankha wachikasu poganiza kuti ndi wowala kwambiri. Nditaona kuti kabokosi kakuda kakumbuyo kwa zilembo kakula n'kuphimba chithunzi, ndinakachotsa poika Background opacity pa 0%. Ndinkaona ngati ndawachitira zabwino.

Sipanathe mphindi 10, ndinaona akuweramira kutsogolo, akutsinzinira diso limodzi, chala chili m'mwamba ngati akufuna kugwira mawuwo asanathawe. Kenako anati, "Mwanawe, tangozimitsa, zikungonditopetsa maso."

Ndinawafunsa kuti, "Bambo, kodi zachepa? Ndiwonjezere?"

"Ayi, zakula mpaka sindikumuona munthuyo pakamwa. Ndiye akavala malaya oyera, mawuwo akusowa."

M'mawu awiri amenewo anandiuza zonse. Munthu wovutika kumva sawerenga kokha, amayang'ananso milomo ndi nkhope ya wolankhula. Zilembo zikakula mopitirira, chiganizo chomwe chikanakwana m'mizere iwiri chimasweka n'kukhala mizere inayi kapena isanu, n'kukwera mpaka pachibwano cha munthu. Maso amayendayenda kwambiri, pamene mawuwo amangokhala pa sikirini masekondi ochepa. Ndi chifukwa chake akatswiri olemba mawuwa nthawi zambiri sapitirira mizere iwiri, ndipo mzere uliwonse umakhala ndi zilembo pafupifupi 40.

Koma cholakwika chachikulu chinali kuchotsa kabokosi kaja. Chomwe chimapangitsa chilembo kuwerengeka ndi kusiyana kwake ndi chomwe chili kumbuyo kwake. Kusiyanaku kumayezedwa. Malangizo a WCAG, omwe opanga masamba a pa intaneti amatsatira, amati zilembo wamba zisiyane ndi kumbuyo kwake pa mlingo wosachepera 4.5 kwa 1. Zoyera pa chakuda zimafika 21 kwa 1, ndipo palibe choposa pamenepo. Zachikasu pa chakuda zimapitirira 19 kwa 1, zilinso bwino kwambiri. Koma chikasu chomwecho chikagwera pa choyera chimatsika mpaka pafupifupi 1 kwa 1, kutanthauza kuti chilembo ndi malaya oyera aja zimangokhala ngati chinthu chimodzi. Kanema ndi chithunzi choyenda: pano ndi usiku, pakapita kamphindi ndi thambo lowala. Palibe mtundu wa zilembo womwe ungapirire zonsezo wokha. Kabokosi kakuda ndi komwe kamachititsa kuti kumbuyo kwa chilembo kusamasinthe.

Tsiku lotsatira tinayambiranso, koma ulendo uno ndinawasiya akhale pampando wawo womwewo, atavala magalasi awo, ine n'kumangosintha iwo akunena. Ndinadina Reset kuti zonse zibwerere mwakale. Background color ndinasiya pa Black, Background opacity ndinakweza kufika 100%, zilembo zoyera. Tisanakhudze n'komwe kukula, anati, "Eya, apa ndiye zikuoneka." Kenako tinakwera sitepe imodzi yokha, kuchoka pa 100% kufika 150%. Tinayesa 200%, iwo anati tibwerere. Pa 150% m'pomwe tinaima mpaka lero.

Ndiye maganizo anga ndi akuti dongosolo likhale lotere: chakumbuyo choyamba, mtundu pambuyo, kukula komalizira. Ndipo poyesa musasankhe gawo la kanema la mdima, pomwe chilichonse chimaoneka bwino. Fufuzani pomwe pali kuwala kwambiri komanso pomwe anthu akulankhula mofulumira. Mukaona munthu akuweramira kutsogolo, zilembo zachepa kapena zikuzimirira. Mukaona mutu ukutembenukira uku ndi uku potsatira mzere, kapena akupempha kuti mubweze kanema m'mbuyo pafupipafupi, zakula kwambiri.

Pa mitundu, zofiira ndi zabuluu zisiyeni ngakhale zili pa mndandanda. Buluu wakupsa pa chakuda safika n'komwe pa 3 kwa 1. Palinso china choti muchenjere nacho. Makanema ena, monga mapulogalamu a BBC, amagwiritsa ntchito mitundu posiyanitsa olankhula: wina zoyera, wina zachikasu, wina zobiriwira. Mukakakamiza kuti zonse zikhale mtundu umodzi, mwamuchotsera wosamva njira yodziwira yemwe wanena mawuwo.

Pa foni, zosinthazi nthawi zambiri sizikhala mu pulogalamu yoonera kanema, zimakhala m'makonzedwe a foni yeniyeniyo. Pa Android yang'anani Settings, Accessibility, kenako Caption preferences, ngakhale mafoni ena amaziika pansi pa Hearing enhancements. Pa iPhone ndi Settings, Accessibility, Subtitles & Captioning, ndipo pa Style mungapange maonekedwe anuanu.

Pomwe pali mwayi wosankha, tengani mawu olembedwa SDH kapena CC. Mawu wamba amalembera munthu amene akumva koma sadziwa chinenerocho, choncho amangolemba zolankhula. A SDH amalembanso kuti chitseko chagogoda, foni ikulira, kapena kuti amene akulankhulayo sakuoneka pa chithunzi. Bambo anga ankadabwa kuti anthu akudzidzimukiranji, kufikira tsiku lomwe anawerenga kuti kunja kwalira mfuti. Koma mukaona polembedwa auto-generated, dziwani kuti alemba ndi makina omvetsera, ndipo amaphonya maina a anthu komanso pomwe anthu awiri akulankhulira limodzi.

Pali mawu ena omwe simungawasinthe ngakhale mudine motani, chifukwa anamatidwa pa chithunzi penipeni pokonza kanemayo. Mungawadziwe mosavuta: zimitsani CC, akatsalabe pa sikirini, ndi omatidwa. Apa ndikupempha inu amene mumajambula timakanema n'kumatiponya pa intaneti. Tizilembo tanu tofiira, topendekeka, todumphadumpha liwu limodzilimodzi, bambo anga sangatiwerenge, ndipo alibe batani loti atikonzere. Ngati mukumata mawu, ikani zoyera pa kabokosi kakuda, mizere isapitirire iwiri, ndipo musaphimbe pakamwa pa wolankhula.