Siyani kubalansa potifoliyo sabata iliyonse, mukungodyetsa komishoni

Ndakwiya ine lero ndipo ndinena basi. Munthu wina pagulupu yomwe timakambirana za masheya wakhala akuuza ana ongoyamba kumene kuti iye amabalansa potifoliyo yake Lolemba lililonse, ati ndiye kusamala ndalama kumeneko, ati yemwe sachita choncho ndi waulesi. Mtsikana wina yemwe wangoyamba kuika ndalama chaka chino mpaka wafunsa mwamantha kuti kodi nde kuti ineyo ndataya zingati poti sindinagwirepo chiyambire. Sanataye kanthu mwanayo! Yemwe akutaya ndi uyo akudzitamayo, ndipo chondiwawa nchoti akukokera anzake m'dzenje lomwelo.

Kubalansa abale anga si njira yopangira phindu. Ndi njira yoti chiopsezo chomwe unavomera pachiyambi chisakule iwe osadziwa. Basi. Unakhala pansi nkunena kuti ine mtima wanga ungapirire 60 peresenti mu masheya, 40 peresenti mu mabondi. Msika ukayenda manambala amenewo amasuntha okha, nde iwe umagulitsako mbali yomwe yafufuma nkugula yomwe yatsalira kuti ubwerere pa 60 ndi 40 paja. Ntchito yake ndi yomweyo, ndipo ntchito imeneyo siifuna Lolemba lililonse.

Tiwerengere limodzi kuti musati ndikungolalata. Tiyerekeze uli ndi 1,000,000, ndalama ya dziko lililonse yomwe ukufuna. 600,000 mu masheya, 400,000 mu mabondi. Sabata imodzi masheya akwera ndi 2 peresenti, afika 612,000, mabondi ali pomwepo. Zonse pamodzi ndi 1,012,000 ndipo masheya tsopano ali pa 60.5 peresenti. Theka la pointi imodzi! Kuti abwerere pa 60 ndendende, mkulu wathu uja agulitsa masheya a 4,800 nkugula mabondi a 4,800. Tsono tinene kuti buloka wake amadula 1 peresenti pogulitsa ndi 1 peresenti pogula, nde kuti 96 yapita. Mudzati aa 96 nchiyani pa miliyoni. Chulukitsani ndi masabata 52, mupeza pafupifupi 5,000 pachaka, theka la peresenti ya chuma chake chonse, chaka ndi chaka. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo mtolo umenewu akusenzera buloka.

Nanga wagula chani ndi 5,000 imeneyo? Funso lake ndi limenelo ndipo palibe anamufunsa pagulupu paja. Masheya atagwa ndi 40 peresenti mawa, munthu wa 60 peresenti ataya 24 peresenti ya chuma chake. Wa 60.5 ataya 24.2. Kusiyana kwake ndi komweko. Munthu akulipira ndalama zenizeni sabata ndi sabata kuthawa kusiyana komwe ngakhale tsiku la tsokalo sangakuone nkomwe. Nde muziti kusamala? Kumeneko ndi kusakhazikika mtima basi, manja oyabwa, mwina ndi maapu awa omwe amakuonetsa zofiira ndi zobiriwira ukangotsegula foni, kaya.

Tsopano taonani munthu yemwe wangokhala phee chaka chonse. Chaka chabwino kwambiri, masheya akwera ndi 25 peresenti, 600,000 ija yafika 750,000, mabondi tingoti akadali 400,000. Zonse ndi 1,150,000, masheya ali pa 65.2 peresenti. Apa ndiye pali nkhani. 60 peresenti ya 1,150,000 ndi 690,000, nde agulitsa masheya a 60,000 nkuika ku mabondi, afika 460,000, wamaliza. Komishoni pa mtengo womwe uja ndi 1,200. Kamodzi. Wina 5,000 wina 1,200 koma onse awiri pa 31 Disembala ali pa 60 ndi 40. Ndipo taonetsetsani chinthu ichi, zatengera masheya kukwera ndi kota yathunthu kuti potifoliyo isunthe ndi mapointi 5 okha. Zinthuzi sizisuntha msanga ngati mmene anthu amaopera.

Ndipo komishoni si yokhayo yomwe imaluma. Mabuloka ena ali ndi ndalama yochepetsetsa yomwe amadula pa oda iliyonse kaya yaing'ono bwanji, nde kaoda ka 4,800 kamadyedwa moposa 1 peresenti ija. Pali kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira, komwe pa masheya osagulidwa kawirikawiri kumakhala kwakukulu ndithu, ndipo umakulipira ulendo uliwonse ukalowa ndi kutuluka. M'maiko momwe phindu la kugulitsa masheya limadulidwa msonkho, kugulitsa kulikonse kwa chinthu chomwe chakwera ndi kuitana msonkho lero womwe ukanadikira zaka. Wina adzati ine buloka wanga sadula komishoni. Chabwino, koma ziwiri zinazo zilipobe, ndipo ngakhale zonse zikanakhala zaulere ukanapindula chani, 24 m'malo mwa 24.2?

China chomwe chimandipsetsa mtima nchoti amalonjeza ana aja kuti kubalansa kumachulukitsa phindu poti umagulitsa zokwera nkugula zotsika. Nthawi zina zimatero inde, makamaka zinthu ziwiri zikamakwera ndi kutsika mosinthana koma nkumakula mofanana pa zaka zambiri. Koma masheya ndi mabondi sakula mofanana. Pa nthawi yaitali masheya nthawi zambiri amathamanga kuposa mabondi, nde ukamachotsa ku masheya nkuika ku mabondi kawirikawiri umakhala ukudzichepetsera phindu, mwadala, posinthanitsa ndi tulo tabwino. Ndi malonda abwino amenewo koma tiziwatchula dzina lake lenileni. Komanso msika ukayamba kukwera umatha kupitiriza miyezi ingapo, wa sabata ndi sabata uja amakhala akudula nthambi yomwe ikukula, ukayamba kugwa amakhala akugula njira yonse yotsika.

Musandimve molakwa, sindikuti musamabalanse. Osagwira konse ndi vuto linanso. Masheya aja akawirikiza kawiri pa zaka zingapo, 600,000 nkukhala 1,200,000 mabondi ali pa 400,000, uli pa 75 peresenti iwe ukudziyesabe munthu wa 60. Kugwa kwa 40 peresenti kuja kukutengera 30 peresenti ya chuma chonse osati 24. Ndipo kugwa kotero si nthano, mu 2008 S&P 500, muyeso wa masheya a makampani akuluakulu 500 a ku America, inataya pafupifupi 37 peresenti chaka chimodzi. Munthu woti watsala zaka ziwiri kupuma pantchito kusiyana kwa 24 ndi 30 akumva m'mafupa. Apo ndiye kubalansa kumagwira ntchito yake, pa mapointi 10, pa mapointi 15, osati pa theka la pointi.

Nde kangati? Kamodzi pachaka. Sankha tsiku, lemba pa kalendala, tsegula, werengera, konza ngati pali chokonza, tseka. Ngati mtima sukulola kudikira chaka, ika malire, unene kuti ndigwira pokhapokha masheya akapyola 65 kapena akatsika pansi pa 55, ndipo uziyang'ana mwina pa miyezi itatu iliyonse, kuyang'ana chabe. Si ine ndayambitsa zimenezi, a Vanguard omwe amasunga ndalama za anthu mamiliyoni anafufuzapo nkhaniyi ndipo anapeza kuti kuyang'ana kamodzi kapena kawiri pachaka ndi malire a mapointi 5 nkokwanira kwa anthu ambiri, kuchita pafupipafupi kumangochulukitsa maoda ndi zolipira pomwe chiopsezo chikusintha pang'ono zedi. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Ubwino wa malire umaoneka msika ukachita misala. Mu 2020, kuyambira chakumapeto kwa Febuluwale kufika pa 23 Malichi, S&P 500 inagwa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Pa chitsanzo chathu chija 600,000 yasanduka 400,000, mabondi tiyerekeze ali pa 400,000, uli pa 50 ndi 50. Malire aphwanyidwa, sudikiranso Disembala. 60 peresenti ya 800,000 ndi 480,000, nde ugulitsa mabondi a 80,000 nkugula masheya. Oda imodzi yaikulu yomwe ili ndi tanthauzo, osati timaoda 52 topanda pake.

Ndipo kwa mtsikana uja ndi ena onse omwe mukuikabe ndalama mwezi ndi mwezi, inu mwina simufunika kugulitsa kalikonse. Ndalama yatsopano ya mwezi uno ingoipititsani mbali yomwe yatsalira. Madividendi akabwera, chiwongoladzanja cha mabondi chikabwera, chimodzimodzi. Masheya akafufuma, miyezi ingapo mukugula mabondi okhaokha mpaka zilingane. Komishoni yogula mukanalipira kale ndi kale poti mumagula mwezi uliwonse, nde kubalansa kwanu kwakhala kwaulere, palibe chogulitsa, palibe msonkho. Potifoliyo ikadali yaing'ono poyerekeza ndi zomwe mukuikamo njira imeneyi yokha imakwana zaka ndithu. Zoterezi ndiye anayenera kuwauza ana aja, osati kuwaopseza.

Ndipo poti ndayamba kale ndinenenso za awa ena omwe amandinyansa mofanana. Msika ukamakwera amati aa 60 yachepa, ine tsopano ndine wa 80 peresenti masheya. Ukagwa omwewonso amati ndabalansa, ndatsitsa masheya kufika pa 30. Kumeneko si kubalansa ayi, musamanamize anthu! Wasuntha chigoli. Kubalansa kwenikweni pa Malichi 2020 kumakuuza kuti ugule masheya pomwe aliyense akuthawa ndipo m'mimba mwako mukutentha, iwe wachita zosemphana ndendende, wagulitsa pansi nkuzipatsa dzina labwino. Mlingo umasintha moyo wako ukasintha, wayandikira kupuma pantchito, ndalamayo uifuna posachedwa, ntchito yatha. Sumasintha chifukwa cha zomwe wawerenga m'mawa uno. Ngati 60 peresenti ikukusowetsa tulo msika ukagwa nde kuti 60 inali yolakwika kuchokera tsiku loyamba, khala pansi msika uli bata usankhe nambala yomwe ungaipirire, uilembe papepala ndi malire ake. Koma zomabwera pagulupu sabata ino ndine wa 80 sabata yamawa ndine wa 30 uku mukulangiza ana a eni ake, zimenezo ayi.