Musanakangane za mtengo wa thumba, muyambe mwafunsa zomwe zili m'kati mwake

Abale anga alimi, nkhaniyi yandikhala pamtima nthawi yaitali ndiye lero ndingoinena. Nyengo yogula feteleza ndi mbewu ikafika timazungulira kwa ogulitsa atatu anayi, aliyense akutchula mtengo wake, kenako timathamangira amene watchula wotsika ndikubwera kunyumba tikusangalala kuti tapeza zotchipa. Ine ndinachitapo zimenezi kangapo ndipo ndinaluza osadziwa n'komwe. Maganizo anga ndi akuti mtengo wa thumba sutiuza chilichonse paokha, chomwe mbewu imadya si thumba koma chakudya chomwe chili m'katimo, ndiye ndi chimenecho tiziwerengera.

Tiyambe ndi feteleza wobereketsa chifukwa ndi amene masamu ake savuta. Chomwe tikugula mwa iyeyu ndi nayitrojeni. Yureya amakhala ndi nayitrojeni 46 pa 100, ndiye kuti thumba la makilo 50 muli makilo 23 a nayitrojeni. Feteleza wa kani nthawi zambiri amakhala ndi 27 pa 100, thumba lofanana lomwelo muli makilo 13.5 okha. Nambala imeneyi imalembedwa pathumba, sichinsinsi ayi, koma ambiri timangoona mtundu wa thumba ndi dzina basi. Matumba awiri olemera chimodzimodzi koma lina lili ndi chakudya pafupifupi kuwirikiza kawiri linzake, ndiye mungawayerekeze bwanji pongomva mtengo?

Ndipereke chitsanzo, manambalawa ndangopeka kuti masamu aoneke bwino, inu muikepo ndalama zenizeni zomwe akuuzani. Wogulitsa woyamba akuti yureya ndi 100 koma ali kutali, kuti thumba lifike kumunda transipoti ikudya 8. Wachiwiri ali pafupi, ali ndi kani pa 70. Wachitatu nayenso ali pafupi, yureya pa 95. Munthu wongomva ndi khutu atenga wa 70 uja mosakayika.

Tsopano tengani kakyuleta ya pafoni. Woyamba uja 100 kuphatikiza 8 ndi 108, mugawe ndi makilo 23, kilo imodzi ya nayitrojeni ikukwana 4.70. Wachiwiri 70 kugawa ndi 13.5 ikubwera 5.19, taonani, amene amaoneka wotchipa uja ndi amene akudula kuposa onse. Ndipo apa mpamene mumapezera mtengo woyenera woti munenerere: ngati nayitrojeni akupezeka pa 4.70 kilo, thumba la kani likuyenera kukhala 13.5 kuchulukitsa ndi 4.70, pafupifupi 63. Mukapita kwa wogulitsa muli ndi nambala imeneyi m'mutu simungoti "tsitsaniko pang'ono bwana", mukudziwa pomwe mukufuna afike.

Wachitatu uja ndi amene amandipweteka mtima kwambiri. Pa 95 kugawa ndi 23 zikubwera 4.13, zooneka zabwino zedi. Koma ikani thumbalo pasikelo. Ine zinandichitikirapo, thumba lolembedwa 50 linalemera 42, wina anali atalimasula, kupungulamo ndikusokanso. Makilo 42 a yureya muli nayitrojeni 19.3, ndiye 95 kugawa ndi 19.3 ndi 4.92, wadutsa kale wa kutali uja ngakhale ndi transipoti yake yomwe. Ndiye onani msoko wa pakamwa pa thumba, wa kufakitale umakhala mzere umodzi wowongoka, mukaona timabowo ta msoko wakale pambali pa watsopano kapena ulusi wamitundu iwiri dziwani kuti lapitidwamo. Wogulitsa wokana kuti muyeze pasikelo ine ndimangomusiya. Ngati mukukayika kuti anasakanizamo mchenga, tapani pang'ono muike mu kapu ya madzi ndikutakasa, yureya weniweni amasungunuka yense ndipo madziwo amazizira, chotsalira pansi si yureya. Koma kani musamuyese motero, iyeyu amasiya zotsalira mwachibadwa chifukwa muli laimu.

Sindikunena kuti kani ndi woipa ayi, ndimveni bwino. Yureya mukangomumwaza pamwamba kunja kukutentha osamukwirira, gawo lina la nayitrojeni limathawira mumpweya, pomwe kani sathawa motero kwenikweni komanso sawawasitsa dothi ngati yureya. Ndiye kulipira kenakake pamwamba pa 63 uja, tinene 66 kapena 67, n'zomveka ngati mukudziwa kuti simukwanitsa kukwirira. Koma muzilipira mukudziwa chomwe mukulipirira.

Feteleza wokulitsa uja wa manambala atatu, yoyamba ndi nayitrojeni, yachiwiri fosiforasi, yachitatu potaziyamu. Apa ingosamalani kuti mukuyerekeza matumba a manambala ofanana, akasiyana ndiye kuti ndi katundu wosiyana ngakhale ogulitsa onse akumutchula dzina limodzi.

Palinso aja amati tengani lero mudzalipira mukakolola. Zimathandiza ndithu pamene m'thumba mwauma, koma werengerani. Thumba lomwe likanakufikirani pa 108 iwo akuti mudzapereke 130 pakatha miyezi 5, ndiye kuti 22 yapamwambayo ndi chiwongoladzanja, pafupifupi 20 pa 100, kapena 4 pa 100 mwezi ulionse. Mukadziwa nambala imeneyi mutha kuona ngati kukongola ndalama kwina ndikugula pakashi kungakhale bwino kapena ayi.

Ku mbewu nakonso ganizo ndi lomweli, tikugula mbewu yomera osati paketi. Paketi ya mbewu yovomerezeka imakhala ndi lebulo yosonyeza mtundu, nambala ya gulu lake, tsiku lomwe inayezedwa ndi kameredwe kake. Mbewu yogonera chaka yosungidwa potentha kapena pachinyezi kameredwe kamatsika ngakhale paketi ikuoneka yatsopano, ndipo kupakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira si umboni, utoto aliyense atha kupaka. Njira yomwe ndimaikhulupirira ndi kugula kapaketi kamodzi msanga, kuwerenga njere 100, kuzikulunga mu nsalu yonyowa, kuika pamthunzi ndikumawaza madzi, kwa chimanga pakatha masiku 7 mumakhala mwaona zomwe zamera bwino. Tinene paketi ya 20 yamera 95, ina ya 16 yamera 70. Gawani 20 ndi 95 mupeza 0.21, 16 ndi 70 mupeza 0.23, yotchipa ija yadula. Ndipo masamuwa sanawerengere zopweteka zenizeni, kupakiza m'mapando ogwa pakatha sabata ziwiri, mbewu zopakizazo zimaphimbidwa ndi zinzake ndipo sizibereka mofanana, chonsecho feteleza wodula uja mwathira munda wonse. N'chifukwa chake ine mbewu yomera pansi pa 85 sindiigula ngakhale atsitse bwanji.

Mtengo umodzi ukatsika kwambiri kusiyana ndi ena onse, musautenge ngati poyambira masamu anu. Funsani kwa ogulitsa osachepera atatu sabata imodzi yomweyo chifukwa mitengo imasuntha mvula ikayandikira, tengani wapakatiwo ngati muyezo, ndipo wotsikitsitsayo mukamuyeze thumba, muone msoko, mufunse lisiti lolembedwa dzina la katundu ndi kulemera kwake musanatulutse ndalama.