"Kutsamwa" pakokha sikukwanira pa chikwangwanicho

"Kodi mawu oti kutsamwa, kutaya magazi ndi kuthyoka fupa akwanira kuti tiwaike pa chikwangwani cha chithandizo choyamba?"

Awiri omalizawo ndilibe nawo vuto, bola kuthyoka fupa musakusakanize ndi kubinya. Nkhawa yanga ili pa kutsamwa. Mawuwa timawagwiritsanso ntchito munthu akangopalira madzi n'kukhosomola pang'ono, ndiye wowerenga angaganize kuti ndi nkhani yaing'ono, n'kuthamangira kukatunga madzi oti amwe. Madziwo sathandiza, chifukwa chinthucho chatseka njira ya mpweya, osati ya chakudya.

Ine ndikanagawa pawiri. Poyamba: "Watsamwa koma akukhosomola ndipo akulankhula: mulimbikitseni kukhosomola." Kenako, ndi zilembo zikuluzikulu: "Watsamwa, mawu sakutuluka, akulephera kupuma." Ameneyu amangogwira pakhosi ndi manja, maso ali tong'o.

Apa napo mawu asankhidwe bwino. Mukalemba kuti "musisiteni kumsana" anthu adzachita monyengerera ngati akugoneka mwana. Lembani kuti muweramitseni, mummenye mwamphamvu ndi tsinde la chikhatho pakati pa mapewa mpaka ka 5. Chikapanda kutuluka, imani kumbuyo kwake, ikani chibakera pamwamba pang'ono pa mchombo, chigwireni ndi dzanja linalo, n'kukokera mkati chokweza mpaka ka 5, kenako mubwererenso kumsana. "Pamimba" pokha ayi, mimba ndi yaikulu, wina adzafinya m'munsi mwa mchombo.

Muwonjezenso mzere woti khanda losakwana chaka chimodzi salifinya pamimba.