Chipumi chachikulu ndi magalasi: musabise chonse, ingodulani mzere

Maganizo anga pa nkhani ya tsitsi kwa ife ovala magalasi amene tilinso ndi chipumi chotakata ndi awa: malangizo oti "ingogwetsani tsitsi pachipumi" ndi osakwanira, ndipo nthawi zambiri amaperekedwa ndi anthu amene sanavalepo magalasi tsiku lathunthu. Munthu wopanda magalasi akagwetsa tsitsi mpaka pansidze, maso ake amakhala poyera, nkhope imapuma. Wamagalasi akachita zomwezo, tsitsi limakathera pomwe felemu yayambira. Pamwamba tsitsi, pansi pake felemu, pansi pakenso galasi, ndiye nkhope yonse yakumtunda imadzadza, maso n'kuoneka ngati ali kuphanga. Chipumi chabisika ndithu, koma munthuyo wabisikanso.

Chimene ine ndimayang'ana ndi mpata umene uli pakati pa pamwamba pa felemu ndi pomwe tsitsi layambira. Felemu imajambula mzere wopingasa pankhope. Mzere wa tsitsi, makamaka likakokedwera kumbuyo, ndi mzere winanso wopingasa. Diso la munthu amene akukuyang'anani limayeza danga lili pakati pa mizere iwiriyo, ndipo mizereyo ikakhala yowongoka komanso yakuda bii, dangalo limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Ntchito ya tsitsi ndi kusokoneza mzere wapamwambawo kuti diso lisapeze poyezera. Sikofunika kuphimba khungu lonse.

Musanasankhe chilichonse, dziyezeni kaye. Ojambula nkhope amaigawa patatu: kuchokera poyambira tsitsi kufika pansidze, kuchokera pansidze kufika kunsi kwa mphuno, ndi kuchokera kunsi kwa mphuno kufika kumapeto kwa chibwano. Magawo atatuwa amakhala oyandikana kukula kwake, ngakhale kuti ndi anthu ochepa amene amakhala ofanana ndendende. Valani magalasi anu, imani pakalilole, tengani lula kapena tepi yoyezera. Ngati gawo lapamwamba lapitirira enawo ndi sentimita imodzi kapena awiri, ndiye mwadziwa kuchuluka kwa zimene tsitsi liyenera kudya. Ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene anthu ambiri amaphimba.

Tiyerekeze mayi wina amene gawo lake lapamwamba ndi masentimita 8, pomwe ena awiriwo ndi 6 lililonse. Amavala felemu yakuda, yochindikala, imene pamwamba pake pamafika pansidze penipeni. Tsitsi lake ndi lachilengedwe, lopotana kwambiri, lofika m'khosi akalitambasula. Chimene akufunika kubisa ndi masentimita awiri okha. Akagwetsa tsitsi masentimita onse 8, wataya 6 a nkhope popanda chifukwa.

Kwa mayi ameneyu ndingayambe ndi seda. Seda yapakati imagawa chipumi pawiri n'kuloza ku mlatho wa magalasi, choncho diso limatsetsereka kuchokera pamutu mpaka pamphuno n'kuona kutalika konse. Seda ya m'mbali, yoyambira pamwamba pa nsonga yakunja ya nsidze kapena pomwe nsidze yapindikira, imachititsa kuti tsitsi lambiri ligwere mbali inayo modutsa chipumi mopendekera. Mzere wopendekerawo ndiwo umathyola danga lija. Mbali imodzi chipumi chimaoneka ndithu, koma chimaoneka ngati kachigawo kosongoka, osati bwalo lonse. Ngati akuluka matwisti kapena zingwe zing'onozing'ono, mizere iwiri kapena itatu yakutsogolo iyenera kulukidwa moti izigwera kutsogolo ndi m'mbali. Woluka auzidwe zimenezi asanayambe, chifukwa kumene chingwe chimagwera kumadalira mmene anachigwirira patsinde. Chingwe cholukidwa cholozera kumbuyo sichimvera mukafuna kuchigwetsera kutsogolo mawa lake, chimangoima n'kumakoka khungu.

Kenako kutalika. Tsitsi lakutsogolo lithere pamwamba pa felemu ndi mpata wosachepera chala chimodzi, kapena likhale lalitali moti lidutse felemu n'kukagwera patsaya kunja kwa galasi. Chapakati ndicho chovuta. Tsitsi lothera pa felemu penipeni limakankhidwa n'kupindikira kunja, kapena limalowa kuseri kwa galasi n'kumabaya m'maso. Komanso limapaka mafuta. Ngati mumapukuta magalasi pafupipafupi ndipo mauthenga a pafoni akuoneka ngati ali mu chifunga, yang'anani mbali ya galasi imene ikuda. Ngati ndi m'mphepete mwa pamwamba, vuto ndi tsitsi lanu lakutsogolo ndi mafuta amene mwalidzoza.

Pa tsitsi lopotana pali msampha wina. Likanyowa kapena likakokedwa limatalika, likauma limabwerera, mwina mpaka theka la kutalika kwake kapena kuposa pamenepo. Wodula akalikoka mpaka pansidze n'kudula pomwepo, likauma limakakhala pamwamba penipeni, chipumi chonse poyera, kachitsa ka tsitsi kataima pamwamba pake. Choncho lakutsogolo lidulidwe louma, lili mmene mumaliyendera tsiku ndi tsiku, ndipo lidulidwe pang'onopang'ono. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye masentimita atatu odulidwa mopitirira ndi miyezi itatu yodikira.

Apa mpomwe ndimalimbikira kwambiri: magalasi akhale pankhope pamene tsitsi lakutsogolo likudulidwa kapena kuyalidwa. Kusaluni amatiuza kuti tivule, ndipo n'zomveka pochapa kapena pometa m'mbali mwa makutu. Koma mukavula, zinthu ziwiri zimalakwika nthawi imodzi. Wokonzayo akukonzera nkhope imene simuyenda nayo, ndipo inuyo ngati muli ndi vuto losaona patali, pakalilole mukungoona chithunzithunzi, n'kumavomera zinthu zimene simukuziona. Nenani poyera kuti mukufuna kuvala magalasi akafika kutsogolo. Wokonza tsitsi wodziwa ntchito sangakane.

Mbali imene anthu amaiwala ndi ya m'makutu. Mikono ya magalasi imafuna njira yodutsa pamwamba pa khutu, itagona pakhungu. Mukaika chingwe chonenepa pamenepo, kapena m'mphepete mwa wigi mukafika pakhutu penipeni, mkono umakwera pamwamba pa tsitsi. Kumbuyo kukakwera, kutsogolo kumaweramira pansi, ndipo magalasi amayamba kutsetsereka pamphuno. Akatsika, danga lija la pakati pa felemu ndi tsitsi limakulanso, ndiye chipumi chimene mumafuna kuchepetsa chawonjezeka. Si maonekedwe okha. Amene amavala magalasi amphamvu, kapena aja okhala ndi gawo loonera patali pamwamba ndi lowerengera pansi, amadziwa kuti galasi likasuntha pang'ono maso amayang'anira malo olakwika, ndipo pofika madzulo mutu ukuwawa. Mikono yokankhidwira kunja masabata angapo imatanukanso, moti ngakhale mutamasula tsitsi felemu imakhala yakhwepa. Yankho lake ndi losavuta: zingwe za pamwamba pa khutu zikhale zopyapyala, ndipo pasiyidwe kanjira kokwana mkono wa magalasi. Yesani kuvala woluka akangomaliza mbali yoyamba, osadikira kuti mutu wonse uthe.

Za kutukumula tsitsi ndinena mwachidule. Tsitsi lounjikidwa pamwamba penipeni, lokokedwa kuchoka pankhope, limatalikitsa chipumi chifukwa diso limapitiriza kukwera. Afulo yozungulira imene yatambalala m'mbali, kutsogolo kwake itaweramira pang'ono pachipumi, imachita zosiyana, ndipo imagwirizana bwino ndi felemu zazikulu.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kuona anthu akukulitsa chipumi ndi manja awo. Kumanga tsitsi mothina chaka ndi chaka, zingwe zolemera zopachikidwa pa titsitsi tofewa ta kutsogolo, guluu wa wigi m'mphepete, zonsezi zimazula tsitsi pang'onopang'ono, ndipo mzere umabwerera m'mbuyo, kuyambira m'mbali mwa chipumi ndi pamwamba pa makutu. Zizindikiro zake zimabwera msanga: kuwawa kosatha tsiku lomwe mwamangitsa, timatuza kapena tiziphuphu patsinde pa tsitsi, khungu looneka lokokeka moti nsidze zakwera, ndiponso titsitsi tothothoka tokhala ndi kamutu koyera kumbali ya muzu. Mukamasula msanga, tsitsi limameranso. Zikapitirira zaka, mizu imafa, pamatsala khungu losalala pomwe sipameranso kanthu. Munthu wa chipumi chachikulu alibe sentimita yoti ataye. Ngati mukuona kuti mzere wanu ukubwerera ngakhale simumanga mothina, kaonaneni ndi dokotala wa khungu, chifukwa pali zoyambitsa zina zimene kusintha kamangidwe sikungathetse.

Abambo nawonso ali ndi mtundu wawo wa vuto lomweli. Wometa akamawongola mzere wakutsogolo ndi lezala kapena mashini, amadya pang'ono mkati kuti uoneke wakuthwa. Ulendo wotsatira amawongola kuchokera pomwe anasiyira, n'kudyanso. Pakatha miyezi mzere wasamukira kumtunda, ndipo tsitsi likayamba kuphuka pamaoneka kachigawo kotuwa kutsogolo kwa mzere, kamene ndi umboni woti akumeta kupyola malire achilengedwe. Muuzeni angochotsa titsitsi totuluka, asalowe mkati. Ndipo kwa wamagalasi a felemu ya makona anayi, mzere wowongoka ngati wojambula ndi lula umapanga bokosi lenileni: mzere pamwamba, felemu pansi, makona m'mbali. Mzere wosiyidwa wofewa, wozungulira pang'ono m'makona, tsitsi lapamwamba litapesedwera kutsogolo ndipo m'mbali mutachepetsedwa, umakhala bwino kwambiri.

Ena adzati, nanga amene amameta mpala kapena lalifupi kwambiri? Ine ndimaona kuti limawakhala ambiri, ndipo chifukwa chake ndi chomwecho: tsitsi likafupika mpaka khungu kuonekera, mzere wapamwamba umazimiririka, diso silipezanso pomwe chipumi chathera. Pamenepo ntchito yonse imatsalira felemu. Ikhale yooneka, yotalika mokwanira kuchokera pamwamba kufika pansi, pamwamba pake pafike pansidze kapena kunsi kwake pang'ono, ndipo m'lifupi ifanane ndi nkhope pa litsipa. Kafelemu kopyapyala kokhala pansi pamphuno kamasiya mtunda wautali wopanda kanthu pamwamba pake. Ngati mukufuna kusintha zonse ziwiri, yambani ndi magalasi, chifukwa felemu mukhala nayo chaka kapena ziwiri, kenako mupite nayo kokakonzetsa tsitsi.