Lekani kufunsa kuti mtsikanayo ankafunako chiyani usiku

Dzulo madzulo ndinamvera pulogalamu ina ya pa wailesi imene anthu amaimba foni, ndipo mpaka pano mtima wanga sunakhazikike. Nkhani inali ya mtsikana amene anagwiriridwa akuchokera kogula mankhwala a mayi ake. Bambo wina ataimba anayamba ndi kufunsa kuti mtsikanayo ankafunako chiyani kunja usiku, wina anafunsa kuti anavala chiyani, ndipo mayi wina wachikulire anamaliza ndi mwambi wakuti walira mvula walira matope. Mpaka pulogalamu kutha sindinamve aliyense akufunsa kuti mwamuna amene anachita zimenezi ali kuti, kapena ngati wagwidwa. Zimenezi n'zochititsa manyazi, ndipo ndikunena mosabisa kuti anthu amene anaimbawo anamulakwira mwanayo kachiwiri.

Funso lakuti wolakwiridwa anachita chiyani kuti zimuchitikire linadutsa kale m'manja mwa akatswiri a maphunziro a zaupandu, ndipo linawasokeretsa. Mu 1948 Hans von Hentig analemba kuti wolakwa ndi wolakwiridwa ayenera kufufuzidwa limodzi, ndipo loya wina, Benjamin Mendelsohn, anagawa olakwiridwa m'magulu malinga ndi kukula kwa mlandu umene iye ankaona kuti ali nawo. Koma amene anayamba kuwerenga milandu yeniyeni ndi Marvin Wolfgang, amene mu 1958 anatulutsa kafukufuku wa anthu 588 ophedwa mumzinda wa Philadelphia ku America. Iye anapeza kuti pa milandu 150, imene ndi 26 pa 100 iliyonse, wophedwayo ndiye anayambitsa ndewu. Muyezo wake unali wopapatiza ndiponso womveka: wophedwayo ndiye anayamba kumenya, kapena kusolola mpeni, kapena kutulutsa mfuti. Zimenezi ndi zochita zooneka ndi maso, zimene mboni ingathe kuchitira umboni.

Chisokonezo chinabwera mu 1971, pamene wophunzira wa Wolfgang, Menachem Amir, anatenga muyezo womwewo n'kuuika pa milandu 646 yogwiririra ya mumzinda womwewo, n'kunena kuti pa milandu 19 pa 100 iliyonse mkaziyo ndiye anaputa. Taonani mmene anawerengera. Iye anaika m'gulu limeneli mkazi amene anavomera poyamba kenako n'kukana, mkazi amene wogwiririrayo anangoganiza kuti wavomera, mkazi amene akuti sanakane mwamphamvu mokwanira, ndiponso mkazi amene zolankhula zake kapena zochita zake mwamuna akanatha kuzimva ngati kumuitana. Kwa Wolfgang chimene chinkayezedwa chinali chibakera chimene wophedwayo anaponya. Kwa Amir chimene chinkayezedwa chinali maganizo a m'mutu mwa wogwiririra, ndipo maganizo amenewo analembedwa ngati cholakwa cha mkazi. Kuwonjezera apo, zonse anazitenga m'mabuku a apolisi, mmene munali kale zoganiza za apolisi eniakewo za akazi odandaulawo. Akatswiri anzake ndiponso omenyera ufulu wa amayi anatsutsa kafukufuku ameneyu mwamphamvu, ndipo anachita bwino, chifukwa mkazi amene wanena kuti ayi sanamenye munthu, sanasolole mpeni, ndipo sanayambitse chilichonse.

Tsono bambo uja wa pa wailesi akubwereza cholakwa chimene chinatsutsidwa zaka zoposa 50 zapitazo. Kuyenda usiku si mlandu. Kuvala siketi kapena buluku si mlandu. Kulandira chakumwa kapena kukwera galimoto ya munthu si kuvomera kugona naye. Amene anasankha kugwiririra ndi mmodzi yekha, ndipo funso lililonse lofufuza khalidwe la mtsikana limachotsa katundu pamutu pa mwamunayo n'kumusenzetsa mwana amene wavulazidwa kale. Mwina anthu amafunsa choncho pofuna kudzitonthoza kuti iwo ndi ana awo sizingawachitikire popeza amadzisunga, koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti mafunso amenewa sathera pa wailesi. Mu 1980 dokotala wa maganizo Martin Symonds, amene poyamba anali wapolisi ku New York, anafotokoza za bala lachiwiri, kutanthauza kupweteka kumene wolakwiridwa amamva pamene anthu amene amayembekezera kuti amuthandize amukayikira kapena kumunyalanyaza. Taganizani njira imene mtsikana ngati uyu amadutsa. Amayamba kufotokozera amayi ake kapena azakhali, kenako wapolisi wolemba sitetimenti, kenako wachipatala amene amamuyeza n'kulemba lipoti, kenako woimira boma pa mlandu, ndipo pomaliza amaima m'khoti pamaso pa yemwe anamugwiririrayo, n'kuyankha mafunso a iyeyo kapena a loya wake. Paliponse amabwereza nkhani yomweyo, ndipo ngati paliponse akumana ndi funso lakuti ankafunako chiyani, amaphunzira kuti amene akuzengedwa mlandu ndi iyeyo. Zizindikiro zake n'zosabisika: amayamba kusintha nkhani pofuna kubisa zimene akuona kuti anthu amuweruza nazo, amasiya kubwera kukhoti, kapena amapempha kuti mlandu uthe. Ndiye ife timatembenuka n'kunena kuti taonani, ankanama.

Palinso choopsa china chimene oimba foni aja sanachiganizire. Mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV, amene achipatala amawatcha PEP, ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo umboni wa pathupi umatayika msanga munthu akasamba kapena akachapa zovala. Mtsikana wina amene anamvera pulogalamu imeneyi, zikadzamuchitikira, adzakhala chete masiku atatu amenewo chifukwa choopa mafunso athu. Kuchedwa kumeneko tidzakhala tapangitsa ndife.

Ufulu wa olakwiridwa unalembedwa kale. Pa 29 Novembala 1985 bungwe la United Nations linavomereza mfundo zakuti olakwiridwa azilandiridwa mwachifundo ndi mwaulemu, aziuzidwa mmene mlandu wawo ukuyendera, maganizo awo azimvedwa, chinsinsi chawo ndi chitetezo chawo zizisungidwa, ndiponso azilandira chipukuta misozi. Kuno kwathu tili ndi nthambi yothandiza ozunzidwa kupolisi, ndiponso malo a Chikwanekwane m'zipatala zina, kumene wachipatala, wapolisi ndi mlangizi amapezeka pamodzi kuti wogwiriridwa asazunguzike ndi maofesi. Mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu ku Lilongwe linagamula kuti amayi ndi atsikana 18 a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, amene anachitiridwa nkhanza zogonana ndi apolisi mu Okutobala 2019, apatsidwe chipukuta misozi. Choncho khoti lingathe kumukhulupirira mkazi. Amene tikukana kumukhulupirira ndife, m'makomo mwathu, m'minibasi ndi pa wailesi.

Ndipo ndisaiwale akuluakulu a m'mabanja amene amakhala pansi ndi abale a wogwiririra n'kulandira ndalama kapena mbuzi kuti nkhani ithere pakhomo. Mtsikana mwini wakeyo safunsidwa n'komwe, amangouzidwa kuti apite akathetse mlandu kuti asachititse banja manyazi, ndipo mawa lake amakumana ndi mwamunayo pa mjigo. Kugwiririra ndi mlandu waukulu pa malamulo a dziko lino, ndipo palibe malume kapena nyakwawa amene ali ndi mphamvu youthetsa.